Kalata yanga ya usipa m'mabokosi asanu: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba, 12 Januwale

Lero ndatsegula fomu yofunsira malo a digiri ya masitazi ya kafukufuku ndili ndi maganizo oti chatsala n'kungokweza fayilo basi. Kalata yofotokoza za ine ndinaimaliza kale mu Disembala, masamba awiri odzaza, ndipo ndinaiwerenga kambirimbiri moti ziganizo zina ndimatha kuzinena pamtima. Koma pafomupo palibe pokwezera fayilo. Pali mabokosi asanu, lililonse ndi mutu wake, ndipo pansi pa bokosi pali nambala ya zilembo zomwe likulola.

```
Academic background   1000
Research experience   1500
Proposed research     2000
Why this programme    1000
Career plans           500
```

Loyamba likufunsa za maphunziro anga, lachiwiri za kafukufuku amene ndinachitapo, lachitatu za kafukufuku amene ndikufuna kuchita, lachinayi chifukwa chomwe ndasankhira maphunziro amenewa, ndipo lomaliza zomwe ndidzachite ndikamaliza. Onse pamodzi ndi zilembo 6,000. Akati zilembo sakunena a, b, c okha ayi. Mpata wa pakati pa mawu ndi chilembo, mpumiro ndi chilembo, nambala iliyonse ndi chilembo.

Mu Word ndadina `Ctrl+Shift+G` kuti ndione kukula kwa kalata yanga. Mawu alipo 1,150. Pamzere wa `Characters (with spaces)` pakuoneka 7,420. Mzere wa pamwamba pake, wa `Characters (no spaces)`, ukupereka nambala yocheperapo yomwe ingamunamize munthu kuti watsala pang'ono, koma fomu yanena poyera kuti mipata ikuwerengedwa. Ndiye kuti ndapyola ndi zilembo 1,420. Tsiku lotseka ndi pa 31. Ndikuona ngati masiku awiri andikwanira kudula.

Lachitatu, 14 Januwale

Masiku awiri aja sanakwane, ndipo vuto silinali pomwe ndinkaliganizira.

Dzulo ndinayesa kudula kalatayo m'zigawo zisanu monga momwe ndime zake zikutsatirana. Zinakanika. Kalatayo ndinailemba ngati nkhani: ikuyambira paubwana wanga ku Senga Bay, amayi akuyanika usipa pathandala, kenako sekondale, kenako yunivesite, kenako ntchito yomwe ndikugwira pano ndi amayi oumitsa nsomba. Ndime imodzi ikukamba za phunziro lina la chaka chachitatu, n'kulumphira ku kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, n'kuthera pa maloto anga. Ndime yotero siingalowe m'bokosi lililonse ili yathunthu.

Lero ndapita ku boma kukapulinta kalatayo ndi zilembo zikuluzikulu. Nditabwerako ndayala mphasa pakhonde, ndatenga sizasi, n'kudula chiganizo chilichonse pachokha. Zatuluka timapepala 47. Ndaika miyala isanu pamphasa, mwala uliwonse kuimira bokosi limodzi, chifukwa kamphepo ka kunyanja kamauluza timapepalato. Kapepala kalikonse ndimakafunsa funso limodzi: kodi ukuyankha mutu uti? Kakalephera kuyankha, ndimakaika pansi pa mwala wachisanu ndi chimodzi, chapambali.

Madzulo ndasanja ziganizozo pakompyuta monga zinagonera pamphasa, n'kuwerenga mulu uliwonse. Za maphunziro zili ndi zilembo 1,900 pamalo pa 1,000. Za kafukufuku wakale 1,350, zomwe zikukwana. Za chifukwa chosankhira maphunzirowa 700. Za m'tsogolo 950 pamalo pa 500. Mulu wopanda kwawo uja uli ndi 1,900, ndipo m'menemo muli malonje, mathokozo a kumapeto, ndi nkhani yonse ya amayi. Koma chomwe chandikhazika pansi ndi mulu wachitatu. Bokosi lalikulu koposa onse, la zilembo 2,000, lomwe likufunsa za kafukufuku amene ndikufuna kuchita, ndili nalo ndi zilembo 620 zokha. Timapepala tinayi pansi pa mwala.

Choncho ntchito yanga si kuchotsa 1,420 monga ndinkaganizira Lolemba. Ndiyenera kuchotsa 3,250, kenako kulemba zatsopano zoposa 1,300 pamalo pomwe ndilibe chonena chokwanira. Kalata ija inali chikomekome cha mkuyu. Imamveka bwino poiwerenga chifukwa nkhani ya moyo wanga imakoka munthu, osazindikira kuti funso la kafukufuku mulibe.

Loweruka, 17 Januwale

Ndinatumiza milu isanu ija kwa adokotala amene anandiyang'anira pa kafukufuku wa digiri yoyamba, ndipo lero andiimbira foni. Anayamba ndi bokosi lachitatu.

"Mwalemba kuti mukufuna kufufuza za kuonongeka kwa nsomba m'nyanja ya Malawi. Nsomba ziti, mwanawe? Kuonongeka kotani? Padoko liti?"

Ndinayankha kuti usipa, nthawi ya mvula, kuno ku Salima.

"Nanga bwanji simunalembe choncho? Zomwe mwandiyankha pafoni panozi n'zabwino kuposa zomwe zili papepala."

Anandiuzanso chinthu china chomwe chasintha kalembedwe kanga konse. Akuti iwo akakhala m'gulu losankha ophunzira, nthawi zambiri amathamangira kaye bokosi la kafukufuku, ndipo likawagwira mtima m'pamene amabwerera ku enawo. Tanthauzo lake n'lakuti bokosi lililonse liyenera kuima palokha. Sindingalembe kuti "monga ndanena pamwambapa", chifukwa wowerengayo mwina pamwambapo sanafikepo. Koma sindingabwerezenso nkhani imodzimodzi m'mabokosi awiri, chifukwa zilembo n'zoperewera. Mfundo iliyonse ikhale ndi kwawo kumodzi. Ikafunika kwina, ingotchulidwa ndi mawu atatu kapena anayi.

Ndisanadule foni ndinawafunsa za ndime ya amayi. "Adokotala, kodi ndiitaye yonse?" Iwo anati ndisaitaye kaye, ndiyambe ndalemba bokosi lachitatu, malo ake aoneka okha.

Lachiwiri, 20 Januwale

Masiku atatu onse apita pa bokosi lachitatu, ndipo sindikudandaula, chifukwa m'pamene ndaphunzira zomwe ndikufunadi kufufuza.

Ndinayamba ndi kugawa zilembo 2,000 zija ndisanalembe liwu lililonse, monga munthu amagawira malipiro a mwezi asanalowe mumsika. M'Chingerezi chamaphunziro liwu limodzi pamodzi ndi mpata wake limadya zilembo zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kalata yanga yomwe ikutsimikiza zimenezi: 7,420 kugawa ndi 1,150 ikupereka pafupifupi 6.5. Ndiye bokosi lonseli ndi mawu 300 basi. Vuto lenilenilo ndalipatsa zilembo 400, funso 300, njira yofufuzira 900, ndipo 350 ndasungira kusonyeza kuti ntchitoyi ndingaikwanitse. Zotsala 50 ndi zosiya dala.

Vuto ndalilemba motere. Usipa ukafika padoko umayanikidwa pathandala, ndipo dzuwa likawala bwino umauma. Nthawi ya mvula ngati ino, mitambo ikaphimba masiku awiri, usipa umafewa, umada, umayamba fungo. Wina umatayidwa, koma wambiri sutayidwa. Umagulitsidwa motchipa, kapena umapita kokhala chakudya cha ziweto. Kutayika kulipo kwa mitundu iwiri: nsomba yomwe yapita kudzala, ndi nsomba yomwe yatsika mtengo. M'kalata yakale ndinaphatikiza ziwirizi m'mawu amodzi oti "kuonongeka", ndipo n'chifukwa chake zinkamveka za chisawawa.

Funso langa tsopano ndi ili: pa usipa womwe wafika padoko nthawi ya mvula, ndi wochuluka bwanji umatayidwa, ndi wochuluka bwanji umatsika mtengo, ndipo zimachitika kwambiri pati, podikira kuyanikidwa, pathandala, mosungira, kapena paulendo wa ku msika wa ku Lilongwe?

Panjira yofufuzira m'pamene ndinachedwa. Ndikufuna kulondola katundu mmodzimmodzi kuchokera m'bwato mpaka kumsika, ndikumupima pasikelo pagawo lililonse, komanso kufunsa eni ake mtengo womwe agulitsira. Nditalemba zimenezi ndinaona kuti munthu wodziwa za nsomba andifunsa nthawi yomweyo za madzi. Nsomba yaiwisi, magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ndi madzi. Makilogalamu 10 a usipa wauwisi akauma bwino amatsala pafupifupi atatu, popanda kanthu kotayika. Ndikangopima pasikelo n'kunena kuti makilogalamu asanu ndi awiri atayika, ndanama. Ndiyenera kutapa pang'ono pagawo lililonse, kukayeza chinyezi, n'kuyerekeza kulemera kwa nsomba yopanda madzi. Chiganizo chofotokoza zimenezi chadya zilembo 210, ndipo ndi chomwe sindingalole kuchidula ngakhale zitavuta bwanji. Chimasonyeza kuti njirayi ndaiganizira mpaka pomwe imaterera.

Nditafika pa zilembo 350 zomaliza, malo a amayi anaoneka monga ananenera adokotala. Gawoli likuyankha nkhawa ya wowerenga yoti kodi amayi oumitsa nsomba angalole mlendo kugwira katundu wawo, kumupima, ndi kufunsa za ndalama. Yankho langa n'lakuti sindine mlendo. Ndinakulira pamathandala a ku Senga Bay, amayi anga ndi mmodzi wa oumitsa usipa, ndimagwira kale ntchito ndi makomiti a m'madoko, Chichewa n'changa ndipo Chiyao ndimamva. Nkhani yomwe inali zilembo 1,100 yasanduka zilembo 190. M'kalata yakale inkapempha chifundo. Pano ikugwira ntchito ya umboni.

Sindibisa, zandiwawa. Munali chiganizo chonena za usiku wina mvula itayamba mwadzidzidzi, amayi akutidzutsa tonse kuti tikaphimbe thandala ndi mapepala apulasitiki, nyali ili pakamwa. Chiganizo chimenecho ndimachikonda, ndipo n'choona. Ndachisunga m'fayilo ina. Akadzandiitana kokacheza nane pamaso, mwina ndidzachinena ndi pakamwa.

Lachinayi, 22 Januwale

Bokosi loyamba latsika kuchoka pa 1,900 kufika pa 980 m'maola awiri. Poyamba ndinataya nthawi ndi kusema mawu amodziamodzi. Kusintha `in order to` kukhala `to` kumapulumutsa zilembo 9, ndipo `due to the fact that` kukhala `because` kumapulumutsa 13. N'zothandiza, koma nditasesa bokosi lonse mwanjira imeneyi ndinangopeza zilembo zosakwana 150. Munthu amene wapyola ndi 900 sangapulumuke ndi kusema. Ayenera kugwetsa ziganizo zathunthu. Ndinachotsa mndandanda wonse wa maphunziro omwe ndinachita, popeza ali kale pachikalata cha magiredi chomwe ndikukweza pafomu yomweyi. Ndasiya atatu okha omwe akukhudza kafukufukuyu, la kasamalidwe ka nsomba zikagwidwa, la masamu a kafukufuku, ndi la tizilombo ta m'zakudya, ndipo pa lililonse ndanena chomwe ndinatolapo.

Bokosi lachiwiri linali lokwana kale pazilembo, koma nditaliwerenga palokha ndinaona kuti paliponse ndalemba kuti "tinachita", "tinapeza". Wowerenga sangadziwe kuti manja anga anagwira pati. Ndalembanso: ndinayerekeza usipa woumitsidwa pathandala ndi woumitsidwa m'kanyumba kapulasitiki koumitsira ndi dzuwa, maulendo atatu, ndipo chinyezi ndinkachiyeza poumitsa zitsanzo mu uvuni wa ku labu pa 105 °C mpaka kulemera kutasiya kusintha. Ndaonjezera chinthu chomwe kale ndinkachibisa, choti ulendo wachiwiri zitsanzo zanga zinaonongeka chifukwa ndinazisunga usiku wonse m'majumbo osamanga bwino, zinayamwa chinyezi, ndipo ndinabwereza ntchito yonse. Ndanena chomwe ndinasintha pambuyo pake. Ndikuona kuti munthu wofuna wophunzira wa kafukufuku apindula ndi chiganizo chimenechi kuposa mawu oti ndine wolimbikira.

Lamulungu, 25 Januwale

Lero nditachoka ku tchalitchi ndinayamba kumata zolembazo m'fomu, ndipo ndakumana ndi zinthu zomwe zikanandipweteka ndikanadikira tsiku lomaliza.

Bokosi lachiwiri linali litakula kufika pa 1,540 chifukwa cha zomwe ndinaonjezera Lachinayi, ine osaliwerenganso. Nditamata, fomu sinadandaule. Sinafiire, sinalembe uthenga uliwonse. Kanambala ka pansi kanangoonetsa `1500/1500`. Nditatsikira kumapeto kwa bokosi ndinapeza chiganizo chomaliza chathera pakati pa liwu. Zilembo 40 zinangodulidwa mwakachetechete. Kuyambira pano ndikaona nambala yafika ndendende pamalire ndikudziwa kuti china chadulidwa, chifukwa n'zosowa kuti munthu alembe n'kuthera pa 1,500 yeniyeni.

Bokosi lachitatu linandizunguza mutu kwambiri. Word inkanena kuti lili ndi zilembo 1,996, kutanthauza kuti likukwana. Nditamata, chilembo chomaliza ndi mpumiro wake zinasowa. Ndinawerenga kawiri, ndinamatanso, chimodzimodzi. Kenako ndinayesa kanthu kakang'ono: ndinafufuta zonse m'bokosimo, ndinalemba `a`, ndinadina `Enter`, ndinalemba `b`. Kanambala kanaonetsa 3. Apo m'pamene ndinamvetsa. Fomu ikuwerenga kudumpha mzere ngati chilembo, pamene Word sikuwerenga. Zolemba zanga zili ndi ndime zinayi, ndipo pakati pa ndime ndinkadina `Enter` kawiri kuti pakhale mzere wopanda kanthu. Malo atatu, paliponse kawiri, ndi zilembo 6. Kuphatikiza ndi 1,996 zikukwana 2,002, ndipo ziwiri zapamwambazo ndi zomwe zinadulidwa. Zilembo 50 zomwe ndinati ndisiye dala ndinali nditazidya pang'onopang'ono pokonzakonza.

Kuyesa kwa `a` ndi `b` n'koyenera kuchita pafomu iliyonse munthu asanayambe kulemba, chifukwa pali mafomu ena omwe kudumpha mzere kumodzi amakuwerenga ngati zilembo ziwiri, makamaka pa nthawi yosunga. Kanambala kakaonetsa 4, ndiye kuti ndi otero.

Tsopano ndasamutsira kuwerenga konse ku Excel. Bokosi lililonse lili m'selo yake mumzati B, malire ake mumzati C, ndipo mumzati D muli zotsala:

```
=C2-LEN(B2)
```

`LEN` imawerenga mipata komanso kudumpha mzere, ndiye ikugwirizana ndi fomu yanga. Chofunika kusamala n'chakuti pomata zolemba za ndime zingapo uyambe wadina `F2` kuti ulowe m'kati mwa selo. Ukapanda kutero Excel imamwaza ndime iliyonse m'selo yakeyake, ndipo nambala imatuluka yabodza.

Zina zomwe ndaona: bokosi la fomu silisunga zilembo zopendeketsa kapena zakuda kwambiri. Dzina lasayansi la usipa, Engraulicypris sardella, latuluka loongoka ngati mawu ena onse, ndipo palibe chochita. Likudya zilembo 23, choncho ndalilemba kamodzi kokha m'bokosi lachitatu, kwina konse ndi usipa basi. Timadontho ta mndandanda tomwe ndinaika m'bokosi loyamba tinasokonekera, ndiye ndasandutsa mndandandawo chiganizo. Dzina la dziko lathu ndalilemba ndi w wamba, osati ŵ, ndipo zizindikiro zogwira mawu zopindika zomwe Word imaika yokha ndazilembanso m'bokosi momwemo kuti zikhale zoongoka, poopa kuti kumene akawerengereko zingakatuluke ngati zizindikiro zachilendo.

Magetsi anathima cha m'ma 4 koloko ndili pakati pa bokosi lachinayi, ndipo netiweki itabwerera fomu inali itanditulutsa. Zomwe ndinalemba mwachindunji m'bokosimo zinapita. Zinali ziganizo ziwiri zokha, koma ndatengapo lamulo: kulemba kuzichitikira m'fayilo yanga, m'fomu ndizingomata n'kudina `Save` bokosi lililonse likatha.

Lachiwiri, 27 Januwale

Bokosi lachinayi ndalilemba kachitatu. Zilembo 700 zakale zija zinali zotamanda yunivesite, kuti ndi yotchuka, ili ndi aphunzitsi odziwa, ili ndi zipangizo zamakono. Ndinayesa kuchotsa dzina la yunivesiteyo n'kuikapo la ina, ndipo chiganizo chilichonse chinaimabe bwinobwino. Chiganizo chomwe chingatumizidwe kulikonse sichikuyankha funso loti chifukwa chiyani kuno. Ndinagula bandulo, n'kuwerenga mapepala awiri a mphunzitsi amene ndikufuna kuti adzandiyang'anire. M'pepala lina anagwiritsa ntchito njira yolondola katundu yomweyi pa nsomba zing'onozing'ono za m'nyanja ina. Ndalemba chomwe ndikufuna kuphunzira kwa iwo, chomwe ndi kasankhidwe ka akatundu oti alondoledwe kuti zotsatira ziimire doko lonse, ndi chomwe ndikubwera nacho ine, chomwe ndi nyanja ina ndi nyengo ya mvula. Ndatchulanso phunziro limodzi la pa pulogalamuyo lomwe likutseka mpata womwe ndili nawo pa masamu.

Bokosi lomaliza ndi mawu osakwana 80. Ndasiyamo zinthu ziwiri: kubwerera kudzagwira ntchito ndi oumitsa nsomba a m'madoko a Salima ndi Nkhotakota ndili ndi manambala osonyeza pomwe ndalama yawo ikuthera, ndi kupitiriza kafukufuku wa digiri ya udokotala ngati zotsatira zitatsegula funso lina. Zoti ndikufuna kutukula dziko ndachotsa.

Dzulo madzulo ndinawawerengera amayi ziganizo ziwiri zonena za iwo, ndikumasulira m'Chichewa. Anali akusankha usipa palichero. Anamvetsera, kenako anati, "Walemba kuti ndimaumitsa usipa. Walembanso kuti chaka chatha ndinagulitsa ndowa zinayi pamtengo wa ziwiri?" Ndinati ayi amayi, malo anachepa. Anati, "Ndiye ukapite ukapime bwinobwino, anthuwo akaone okha."

Pomwe zafika usiku uno: bokosi loyamba 962, lachiwiri 1,471, lachitatu 1,958, lachinayi 934, lachisanu 478. Lililonse lili ndi mpata wa zilembo zoposa 20. Ndatumiza onse asanu kwa adokotala, komanso kwa achemwali anga omwe sadziwa za nsomba, ndipo iwowa ndawapempha kuti ayambire bokosi lachitatu, aliwerenge palokha, kenako andiuze ndi mawu awoawo chomwe ndikufuna kufufuza. Akalephera kunena, ndibwereranso pa funso lija. Mawa ndimata komaliza, nditsegula `Preview`, ndipo ndiwerenga mzere womaliza wa bokosi lililonse kuti ndione ngati mpumiro ulipo. Ndikufuna kutumiza Lachinayi pa 29, kuti magetsi kapena netiweki zikavuta ndikhale ndi masiku awiri m'manja.